Makhadi a zithunzi a chaputala cha mtima: ndiphimbe chiyani, ndisiye chiyani?

Kambuzi_Chipoka: Akuluakulu a pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Ndili pa holide kuno ku Chipoka, ndipo tikangotsegulira tikukalemba mayeso a anatomi, chaputala cha mtima. M'buku lathu muli chithunzi cha mtima wong'ambidwa pakati, chili ndi mayina 21, lililonse ndi kamzere kake kolozera chiwalo. Pano ndimaphimba dzina ndi chala n'kumayesa kulitchula, koma diso limakhala litaba kale. Ndamva kuti mu Anki, pulogalamu ya makhadi obwerezera maphunziro, munthu umaika chithunzi n'kubisa mayinawo kuti foni izikufunsa limodzilimodzi. Laputopu ndilibe, foni ndi ya Android. Zingatheke? Nanga ndiyambire pati, ndijambule masamba onse a chaputalachi?

Usipa_Wofutsa: Chala chako ndiye chaching'ono. Bwereka cha agogo ako.

Mphunzitsi_Khombedza: Mwana wanga, zimenezi ife timachita ndi ana a Fomu 3 chaka ndi chaka. Pita nalo bukulo pa Kamuzu Road, ukapange fotokope tsambalo kangapo, mayina uwafute ndi tipeksi, kenako uzilemba ndi pensulo. Ukadula bwinobwino n'kumata pa katoni ndiye khadi limenelo. Silifuna chaji.

Dokotala_Mawa: Aphunzitsi, akunena makhadi a pa foni, osati a katoni. Kambuzi, ndi zophweka. Ika AnkiDroid, ndiyo Anki ya pa Android, ndi yaulere. Ukamawonjezera khadi, pa mtundu wake usankhe `Image Occlusion`, ulowetse chithunzi, ujambule timabokosi pa mayina onse, basi. Ine chaputala chonse cha mtima ndinachimaliza usiku umodzi, makhadi kupitirira 300. Chilichonse cholembedwa pa chithunzi ndinaphimba.

Namwino_wa_ku_Linga: Achimwene a Dokotala_Mawa anena zoona pa njira yolowera, koma pa makhadi 300 paja ndibwererapo. Kambuzi mng'ono wanga, uyambe waona kuti AnkiDroid yako ndi 2.17 kapena yatsopano kuposa pamenepo, chifukwa zakale zinalibe `Image Occlusion`. Pa kompyuta inalowa mu Anki 23.10, chaka cha 2023. M'mbuyomo anthu ankachita kuika chowonjezera chapadera, ndiye ukapeza malangizo okuuza zoika chowonjezera, dziwa kuti ndi akale. Usamalenso potenga pulogalamuyo, alipo ena a mayina ofanana nawo koma si amodzi.

Tsopano funso lako loti ujambule masamba onse, ayi. Tenga pepala la zimene alekichara anati muzidziwe pa chaputalachi, uliike pambali pa buku. Pa mtima, zithunzi zofunika khadi sizichuluka: mtima wong'ambidwa uja, mtima woonekera kutsogolo uli wathunthu, woonekera kumbuyo, ndi cha mitsempha yodyetsa mtima weniweniwo. Uyambe ndi chong'ambidwacho, ndipo usanaphimbe kalikonse uchiwerenge mpaka uthe kulondola ndi chala njira ya magazi, kuchokera pamene alowera kukafika pamene atulukira. Khadi limasunga chimene wamva kale. Chimene sunamve limangokuzunza nacho.

Kambuzi_Chipoka: Zikomo asisi. Yanga ndi yatsopano, `Image Occlusion` ndaipeza. Koma chithunzi ndajambulachi chatuluka chopindika cha kumene buku limamangidwira, ndipo pakati pawala ngati galasi.

Namwino_wa_ku_Linga: Zimitsa fulashi. Pepala la mabuku amenewa ndi losalala, limabweza kuwala. Tuluka nalo pakhonde m'mawa, pamthunzi koma powala, wina akugwirire tsamba kuti ligone, foni ikhale pamwamba penipeni osati chopendekera. Ukajambula, dula mbali zonse zosafunika. Pamenepa pali chinthu chimene ambiri amaiwala: mawu a pansi pa chithunzi aja, ofotokoza chithunzicho, nthawi zambiri amatchula ziwalo zomwezo. Ukawasiya, khadi lizikufunsa kumwamba yankho lili pansi. Adule. Ngati buku uli nalo la PDF, likulitse kaye pa sikirini kenako utenge sikirinishoti, apo ayi timizere tija timasowa.

Gulugufe07: Nanga bandulo? Zithunzi za foni yanga chimodzi chimakwana ma MB anayi. Makhadi 21 ndiye kuti ma MB 84 pa mtima umodzi? Ine ayi.

Namwino_wa_ku_Linga: Ayi achemwali, chithunzi chimasungidwa kamodzi, makhadi onse 21 amabwereka chomwecho. Chimene chimasiyana ndi kabokosi kamene kakufunsidwa. Komabe ndi bwino kuchichepetsa, m'lifupi chikhale cha m'ma 1500 mapikiselo, mayina amawerengeka bwinobwino ndipo sichifika ngakhale MB imodzi. Ndipo kuwerenga makhadi sikufuna netiweki. Bandulo imadyeka pokhapokha ukamatumiza ku AnkiWeb kuti zisungike kapena zifike pa chipangizo china.

Gulugufe07: Mwanditsitsa mtima. Ngakhale ine vuto langa ndi lina, foni anandipatsa amalume ndi iPhone ndipo kumeneko pulogalamuyi ndi yogula.

Usipa_Wofutsa: Mavuto a anthu olemera. Tisinthane, yanga ili ndi sikirini yosweka koma Anki ndi yaulere.

Kambuzi_Chipoka: Ndajambulanso, chatuluka bwino. Tsopano pali posankha pawiri, `Hide All, Guess One` ndi `Hide One, Guess One`. Nditenge iti?

Dokotala_Mawa: `Hide One, Guess One`. Imabisa dzina limodzi, ena onse ukuwaona, ndiye pa khadi lililonse umakhala ukuwerenganso mayina 20 enawo osadziwa. Phindu pawiri.

WaKuDwangwa: Mmm, achimwene, pamenepo ndikukanirani, ndipo ndikukana ndi chipsera. Chaka chatha kalasi yathu yonse inkagwiritsa ntchito makhadi amene mnzathu wina anapanga mwa njira imeneyo. Pa foni tinkakhoza tonse. Ukaona `Right atrium`, `Left atrium` ndi `Right ventricle` zili poyera, kabokosi kali pa chipinda chachinayi, ukufunanso kuganiza? Ndi `Left ventricle` basi, ngakhale mwana wa pulayimale anena. Chimodzimodzi mavalavu, atatu akuoneka, wachinayi umangochotsera. Tsiku la pulakitiko anatiikira mtima wa pulasitiki patebulo, autembenuza chammbali, abaya kaphini pa valavu imodzi, palibe dzina lililonse pafupi. Anthu amene tinkadinda `Easy`, batani lonena kuti khadi laphweka, tsiku ndi tsiku tinangoti kakasi.

Dokotala_Mawa: Ndiye vuto linali la pulasitikiyo, osati makhadi. Zidole zina zija anazipanga molakwika.

WaKuDwangwa: Chidolecho chinalibe mlandu, achimwene.

Namwino_wa_ku_Linga: Pa chithunzi ngati cha Kambuzi, `Hide All, Guess One`. Mayina onse amakhala obisika, kabokosi kamodzi kamasintha mtundu, ndiko kakufunsidwa. Ukatembenuza khadi limavundukula kokhako. Ukafuna kuona ena onse pali batani la `Toggle Masks` kuseri kwa khadi. Mayeso a kaphini amafunsa choncho, chiwalo chili chokha popanda anzake okunong'oneza.

Ina ija ili ndi malo ake, sindikuitaya. Pa chithunzi chosonyeza ndondomeko, monga njira ya mphamvu yogunditsa mtima kuchoka pa `SA node` kupita pa `AV node` mpaka kumunsi, kuona chapambuyo ndi chapatsogolo n'kutchula chapakati ndi funso labwino ndithu, makamaka masiku oyamba. Koma pa kutchula ziwalo ayi.

Komanso ngakhale ubise onse, khadi likhoza kuulula yankho m'njira zina, ndipo apa ndi pamene pagona ntchito. Taona mayina awiri awa, `Aorta` ndi `Interventricular septum`. Ukajambula kabokosi kothina pa lililonse, kena kakhala kakafupi, kena kotalika ngati njanji. Pakatha sabata ubongo wasiya kuyang'ana mtima, ukungoyang'ana kutalika kwa kabokosi. Ndiye jambula kabokosi kamodzi kokwanira dzina lalitali kuposa onse, kenako uzikachulukitsa ndi batani lokopera n'kumakakokera pa mayina enawo. Onse afanane. Pamene malo achepa, bola afanane awiriawiri amene amasokonezana, monga mavalavu onse anayi.

Chachiwiri, kabokosi kaphimbe dzina lokha, kasadye kamzere kolozera. Pa chithunzi chimenechi timizere ta `Pulmonary valve` ndi `Aortic valve` timathera moyandikana kwambiri. Ukaphimba theka la kamzere sudziwanso kakulozera pati, ndiye uyamba kuloweza kuti kabokosi kachitatu kuchokera pamwamba ndi chakuti. Kumeneko ndi kudziwa munthu chifukwa cha benchi imene amakhala m'tchalitchi, tsiku limene wakhala pena umamudutsa. Ukatsegula khadi, diso liyambe latsata kamzere mpaka pamene kathera, uone chiwalocho, kenako utchule.

Mphunzitsi_Khombedza: Apa ndiye ndamva tsopano zimene mukukamba. Koma mayi a ku Linga, zimene mwanena za kutalika kwa kabokosi zimachitikanso ndi tipeksi. Ana amayeza ndi maso kuti pofutidwa apa ndi patali, ndiye dzina lake ndi lalitali. Ine ndinasiya kufuta dzina lokha, ndimaika zilembo A, B, C kumapeto kwa mizere.

Namwino_wa_ku_Linga: Ndi nzeru yomweyo aphunzitsi, ndipo njira yanu ili ndi chimene foni ilibe, mwana amalemba dzinalo ndi dzanja. Pa foni munthu amang'ung'udza chinachake chofanana ndi `Chordae tendineae` n'kudinda `Good`, pa mayeso sipeling'i imuthawa. Kambuzi, pa mayina ovuta ukhale ndi kope pambali, ulembe kaye usanatembenuze khadi.

Kambuzi_Chipoka: Ndikulemba zonsezi. Funso lina, `Pulmonary veins` yalembedwa kawiri, mbali iyi ndi mbali inayo, mayina ofanana ndendende. Ndipange makhadi awiri?

Namwino_wa_ku_Linga: Ngati buku lalemba dzina lomwelo kawiri popanda kusiyanitsa kumanja ndi kumanzere, sankha timabokosi tiwirito pamodzi n'kutimanga gulu limodzi, batani lake lilipo pa zida zojambulira. Tikatero timafunsidwa limodzi ngati khadi limodzi. Pa foni kusankha tiwiri nthawi imodzi kumavutirapo, ukulitse chithunzi kaye. Zikakanika, makhadi awiri si tchimo. Koma likanakhala kuti lalemba `Left` kwina `Right` kwina, amenewo ndi mafunso awiri osiyana, ndipo ofunika, chifukwa pa chithunzi choonekera kutsogolo kumanja kwa mtima kumakhala kudzanja lako lamanzere. Umakhala ngati wayang'anizana ndi wodwala.

Dokotala_Mawa: Za kumanja ndi kumanzerezo musavutike nazo, mitundu imanena yokha. Chofiira ndi atare, chabuluu ndi veini. Ukangodziwa zimenezo theka la makhadi wakhoza.

WaKuDwangwa: Ndiye `Pulmonary trunk` pa chithunzi chanu ndi ya mtundu wanji?

Dokotala_Mawa: Yabuluu.

WaKuDwangwa: Ndiye ndi veini?

Usipa_Wofutsa: Dokotala wathu wapita kukamwa madzi, abwera.

Namwino_wa_ku_Linga: Musawaseke, m'thupi monse lamulo lawolo limagwira, limathera pa mitsempha ya kumapapo. Mtundu pa zithunzi izi umanena za mpweya umene uli m'magazi, osati mtundu wa mtsempha. Atare ndi mtsempha wochotsa magazi mumtima, veini ndi wobwera nawo. Mtsempha wochoka m'chipinda chapansi chakumanja kupita kumapapo ndi atare, koma magazi ake sanalandire mpweya, ndiye amaupaka buluu. Ija inayi yobwera kuchokera kumapapo kulowa m'chipinda chapamwamba chakumanzere ndi maveini, koma amaipaka kufiira.

Nkhani ya mitunduyi ikukhudzanso makhadi. Mtima weniweni ulibe buluu, ndipo mapepala a mayeso ambiri amatuluka akuda ndi oyera. Ine ndimati ukazolowera chithunzi chamitundu, upange china chomwecho utachichotsa mitundu, foni iliyonse imatha. Ukachita zimenezo umakakamizika kupeza zizindikiro zenizeni. Chipinda chapansi chakumanzere umachidziwa ndi khoma lake, ndi lochindikala pafupifupi katatu kuposa la kumanja, chifukwa chimakankha magazi thupi lonse pamene chinzake chimangokankhira kumapapo. Ukachipeza chimenecho zina zimatsatira. Valavu yolowera m'menemo ndi `Mitral valve`, ya zitseko ziwiri, mabuku ena amalemba `Bicuspid valve`. Ya mbali inayo, kumene kumalowera mitsempha iwiri ikuluikulu yochokera m'thupi, ndi `Tricuspid valve`, ya zitseko zitatu.

Dokotala_Mawa: Ndinali pa odi, sindinathawe. Chabwino, za kumapapo ndavomera. Koma zopanga chithunzi chomwecho kawiri ndiye kuchulukitsa makhadi komwe mumandinena nako.

Namwino_wa_ku_Linga: Mwandigwira pang'ono. Kusiyana kwake n'koti ine ndikuchulukitsa maonekedwe a chiwalo chofunika, inu munachulukitsa ziwalo. Ndipo chachiwiricho sindiphimba onse 21 kuti andifunse, ndimasiya okhawo amene amandisokoneza. Kuposa kuchotsa mitundu, chabwino kwambiri ndi chithunzi cha m'buku lina, chojambulidwa ndi munthu wina. Buku la anatomi la OpenStax ndi laulere pa intaneti, mtima uli pa chaputala 19. Ukakhoza valavu pa chithunzi cha buku lako n'kuilephera pa cha buku linalo, wadziwiratu kuti unaloweza tsamba.

Mai_Awiri_Benga: Pepani ndalowerera. Ine ndikuchita za uzamba, ndimawerenga ana akagona. Ndinatenga makhadi okonzakonza kwa mnzanga, a chiuno cha mayi ndi mutu wa mwana, ananditumizira pa WhatsApp. Ndikatsegula pakungooneka timabokosi pa malo oyera, chithunzi palibe. Ndalakwitsa pati?

WaKuDwangwa: Simunalakwitse inu mayi. Mnzanuyo potulutsa fayilo ya `.apkg` sanachonge `Include media`, ndiye anakutumizirani timabokosi popanda zithunzi. Atulutsenso atachonga pamenepo. Fayilo ikakhala yaing'ono modabwitsa, ma KB ochepa chabe pamene muli zithunzi zambiri, muzidziwiratu.

Mai_Awiri_Benga: Inalidi yaing'ono, ndinkachita kuyamikira kuti sinandidyere bandulo. Zikomo achimwene.

Usipa_Wofutsa: Pajatu kuno kwazima kuyambira m'mawa, foni ili pa 9 peresenti, kutentha ngati tili m'ng'anjo. Amene muli ku Senga Bay kamphepo kaliko?

Gulugufe07: Kulibe, nyanja yangoti zii. Tikugona pakhonde.

Mphunzitsi_Khombedza: Mwaona? Katoni yanga ija ikugwirabe ntchito.

Kambuzi_Chipoka: Haha aphunzitsi mwapambana lero. Koma tibwerere, asisi a ku Linga munati mubwerera pa makhadi 300 aja. Komanso pa 21 anga, awiri mulibe m'pepala la alekichara, `Trabeculae carneae` ndi `Fossa ovalis`. Ndiwasiye osaphimba?

Namwino_wa_ku_Linga: Uwaphimbe, kenako makhadi awo uwaimitse ndi `Suspend`. Akatero sakufunsa, koma timabokosi tawo timakhalabe pa chithunzi. Chenjezo lalikulu: usadinde `Delete note` poganiza kuti ukuchotsa khadi limodzi. Makhadi onse a chithunzi chimodzi ndi ana a noti imodzi, ukaichotsa apita onse 21. Ngakhale `Fossa ovalis` ine ndikanaisiya kuti izifunsidwa, ukadzafika pa kayendedwe ka magazi a mwana ali m'mimba udzaifuna, ndi chipsera cha bowo limene limalumikiza zipinda ziwiri zapamwamba mwana asanabadwe. Mai_Awiri_Benga akudziwa.

`Suspend` yomweyo ikuthandizanso kuphunzira pang'onopang'ono. Tsiku loyamba usiye zipinda zinayi ndi khoma lapakati zokha kuti zizifunsidwa, makhadi asanu. Mawa lake utsegule mavalavu anayi ndi tizingwe take ndi timinofu togwira tizingweto. Kenako mitsempha ikuluikulu. Masiku atatu chithunzi chatha, ndipo gulu lililonse likukhazikika pa linzake.

Za 300 zija nkhani yake ndi iyi. Anki ikangoikidwa imapereka makhadi atsopano 20 pa tsiku, ndipo lililonse limabweranso kangapo. Malangizo a Anki yomweyo amati ukamatenga 20 tsiku lililonse uyembekezere kubwereza pafupifupi 200 pa tsiku. Tsono anatomi si phunziro lokhalo. Munthu amapanga 300 usiku umodzi ali ndi moto, pakatha milungu iwiri watsegula foni wapeza mulu, watseka, osatsegulanso. Achimwene a Dokotala_Mawa, mwa 300 aja mukubwerezabe?

Dokotala_Mawa: Ndinapumira kaye chifukwa cha ma odi. Koma ndidzayambiranso.

WaKuDwangwa: Ine ndili ndi funso kwa asisi pa `Bury new siblings` ndi `Bury review siblings`. Ena amati uzitsegule kuti makhadi a chithunzi chimodzi asabwere tsiku limodzi. Ndinayesa, chithunzi cha mayina 18 chinkanditulutsira khadi limodzi pa tsiku. Mayeso anafika ndisanaone theka.

Namwino_wa_ku_Linga: Ndi mmene zimagwirira ntchito, ukayankha limodzi abale ake onse amakankhidwira mawa. Pa makhadi a mawu, a kutsogolo ndi kumbuyo, ndi zabwino. Pa chithunzi cha mayina ambiri zimachedwetsa zedi. Ndi `Hide All, Guess One` ine ndimazitseka zonse ziwiri, popeza khadi lina silionetsa yankho la linzake. Chimene ndimasintha ndi `New card sort order`, ndimaika `Random`, apo ayi makhadi atsopano amabwera mwa ndondomeko imene unajambulira timabokosi, kuzungulira chithunzi, ndipo umayamba kuloweza kuti pambuyo pa ichi pamabwera ichi.

Gulugufe07: Ine pamenepo sindikugwirizana nanu kwenikweni asisi. Ngakhale mayina abisike, ukayankha `Tricuspid valve` kenako nthawi yomweyo kubwere valavu ya mbali inayo, umangoti ndi inzake ija. Kuchotsera komwe kuja. Ine ndimadula chithunzi m'zigawo zing'onozing'ono, mayina asanu kapena asanu ndi limodzi, n'kutsegula ya zobwereza yokhayo.

Namwino_wa_ku_Linga: Mfundo yanu ndi yoona, kuchotserako sikutheratu. Koma kudula mtima m'zigawo kuli ndi mtengo wake, umataya chithunzi chonse, ndipo valavu umaidziwa chifukwa cha zimene yayandikana nazo. Pa mafupa a dzanja kapena mitsempha ya m'khwapa ndimadula. Pa mtima ndimakana.

Gulugufe07: Ndiye tisiyana pamenepo. Ine zikundiyendera.

Mlangizi_wa_Ziweto: Ndakhala ndikungowerenga, ine ndi wa ziweto osati wa anthu. Koma bwanji osagula mtima wa mbuzi? Pa Kamuzu Road amapha m'mawa uliwonse, ku Chipokanso pa tsiku la msika simungausowe. Muwauze abutchala kuti asadule mitsempha ya pamwamba, bola akupatseni ndi mapapo omwe, chifukwa akazolowera amadula mofupikitsa n'kutaya zonse zimene mukufuna kuona. Musanaung'ambe muufinye. Mbali yolimba, imene yapanga nsonga ya pansi, ndi chipinda chakumanzere. Yofewa ndi chakumanja. Mukaung'amba tizingwe toyera ta mavalavu mutiona ndi maso, mutikoke ndi kamtengo muone chitseko chikuyenda. Mujambule, mulembepo mayina, muphimbe. Khadi la mtima umene mwaugwira nokha.

Usipa_Wofutsa: Kenako anyezi, tomato, kambuzi pang'ono. Anatomi yokoma.

Dokotala_Mawa: Mbuzi ndi munthu ndi chimodzimodzi, zonse zinayi zipinda. Apa ndiye palibenso chifukwa cha buku.

Mlangizi_wa_Ziweto: Zipinda ndi mavalavu inde, koma osati zonse bwana. Pa munthu, mtsempha waukulu uja ukapindika pamwamba pa mtima umatulutsa nthambi zitatu. Pa mbuzi ndi ng'ombe umatulutsa imodzi yokha, imene imakagawikana kutsogolo. Mukapanga khadi la nthambizo kuchokera pa mbuzi mukalemba zolakwika pa mayeso a anthu. Mbuzi muitengere zamkati.

Namwino_wa_ku_Linga: Alangizi anena zenizeni. Nthambi zitatuzo, `Brachiocephalic trunk`, `Left common carotid artery` ndi `Left subclavian artery`, uzitenge m'buku, Kambuzi. Ndipo ukapanga khadi la mbuzi ulembe pa `Header` kuti mtima wa mbuzi, kuti pakatha miyezi usadzasokoneze. Pa `Header` pomwepo uzilembapo mbali imene chithunzi chikuonekera, kutsogolo kapena kumbuyo, chifukwa pa choonekera kumbuyo kumanja kwa mtima kumabwerera kudzanja lako lamanja. Koma usalembepo dzina la chiwalo chilichonse, zimaoneka kutsogolo kwa khadi.

Kambuzi_Chipoka: Nanga pa `Back Extra` ndingalembe ntchito ya chiwalo chilichonse? Ndimafuna ndikavundukula valavu ndionenso kuti imatani.

Namwino_wa_ku_Linga: Malo amenewo ndi amodzi pa noti yonse. Chimene walembapo chituluka kuseri kwa makhadi onse 21, ndiye ukalemba ntchito za ziwalo zonse uziona chikalata chomwecho nthawi iliyonse mpaka usiye kuchiwerenga. Ulembepo tsamba la buku ndi chiganizo chimodzi chokhudza chithunzi chonse. Ntchito za ziwalo zipite pa makhadi a mawu, apadera, funso limodzi yankho limodzi: magazi akachoka m'chipinda chapansi chakumanja amadutsa valavu iti, tizingwe tija tikaduka chimachitika n'chiyani. Chithunzi chobisa mayina chimayankha funso loti ichi n'chiyani, sichifunsa kuti chimatani.

Mphunzitsi_Khombedza: Tikaduka, chitseko chimatembenukira m'chipinda chapamwamba mtima ukafinya, magazi n'kubwerera m'mbuyo. Ndakhoza, mayi?

Namwino_wa_ku_Linga: Mwakhoza aphunzitsi, dindani `Good`.

Mai_Awiri_Benga: Mnzanga watumizanso, zithunzi zabwera. Koma timabokosi take ndi tothina, kena kakafupi kena katali, ndendende zimene mumanena zija. Ndingakonze kapena ndiyambirenso?

WaKuDwangwa: Zimakonzeka mayi, ngati anapangira `Image Occlusion` ya mu Anki momwemo. Tsegulani khadilo pa `Edit`, mukoke timabokosito kuti tikule, musunge. Mbiri ya mmene mwakhala mukuyankhira siitayika bola musachotse kabokosi n'kujambula kena, chifukwa katsopano kamabadwa ngati khadi latsopano. Akakhala kuti anapangira chowonjezera chakale chija pa laputopu, pa foni muzingowerenga, kukonza kwake n'kwa pa kompyuta yokhala ndi chowonjezeracho.

Mai_Awiri_Benga: Ndingadziwe bwanji kuti ndi iti?

WaKuDwangwa: Pa `Edit` pomwepo onani dzina la mtundu wa noti. Ikakhala `Image Occlusion Enhanced` ndi yakale ija.

Mai_Awiri_Benga: Yalembedwa `Image Occlusion Enhanced`. Ndiye ndingojambula ndekha chiuno cha m'buku langa Loweruka, ana akapita kwa agogo awo.

Dokotala_Mawa: Alangizi, mtima wa mbuzi ndi mapapo omwe akumagulitsa bwanji masiku ano? Ndikufunsira mnzanga.